Kutseka Mipata Yoyasama M'ndime Zowongoledwa Mbali Zonse

Ndime yowongoledwa mbali zonse ndi imene mizere yake imayambira pamalo amodzi kumanzere n'kukatheranso pamalo amodzi kumanja, monga zimaonekera m'nyuzipepala ndi m'mabuku ambiri. Mu Microsoft Word imapangidwa podina batani la Justify kapena Ctrl+J pa kiyibodi. Mabanja ambiri amaisankha akamakonza ndondomeko ya mwambo wa maliro, wa ukwati kapena wa chiliza, chifukwa pepala limaoneka laulemu. Vuto limadziwika pepala likatuluka mu pulinta: mizere ina ili bwinobwino, koma ina ili ndi mawu awiri kapena atatu okha, otalikirana moti diso limachita kudumpha kuti lipeze liwu lotsatira. Nthawi zina mipata ya mizere ingapo yotsatizana imalumikizana n'kupanga kanjira koyera kotsika pakati pa ndime. Zimenezi sizichokera ku pulinta kapena ku kuwonongeka kwa kompyuta. Zimachokera ku mmene kompyuta imadzazira mzere, ndipo zimakonzeka.

Mmene kompyuta imadzazira mzere

Chilembo chilichonse chili ndi kukula kwake kosasintha, ndipo mpata wa pakati pa mawu nawonso uli ndi muyeso wake. Mu zilembo za Times New Roman za mapoyinti 12, mpata umenewu ndi mapoyinti 3, zomwe ndi milimita imodzi ndi kakang'ono. Kompyuta imaika mawu pamzere limodzilimodzi mpaka ifike pa liwu limene silingakwane. Liwulo imalitsitsira mzere wotsatira, ndipo kumapeto kwa mzere woyamba kumatsala malo. Ngati ndime ndi yowongoledwa kumanzere kokha, malo otsalawo amangokhala kumanja, ndipo palibe amene amawaona ngati chilema. Ngati ndi yowongoledwa mbali zonse, kompyuta imatenga malowo n'kuwagawa mofanana m'mipata ya pakati pa mawu, kuti liwu lomaliza likafike kumalire a kumanja.

Choncho kukula kwa mpata kumadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa malo otsala, ndi chiwerengero cha mipata yogawana malowo. Zili ngati pomanga mpanda: utali ukakhala womwewo koma mitengo n'kuchepa, mitengoyo imayima motalikirana. Mzere wautali wokhala ndi mawu khumi ndi awiri umabisa mamilimita 10 otsala popanda wozindikira, chifukwa mpata uliwonse umangolandira pafupifupi milimita imodzi. Mzere waufupi wa mawu atatu uli ndi mipata iwiri yokha, ndipo uliwonse umasenza mamilimita 5.

Apa ndi pamene Chichewa chimavutikira kuposa Chingerezi. M'Chichewa mneni amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa m'liwu limodzi, moti mawu a zilembo 13 kapena 14 monga mwatithandiza ndi potilimbikitsa si achilendo konse. Liwu lotere likakana kukwana limasiya malo ambiri kumbuyo, ndipo likakhala pamzere limadya malo amene akanakhala a mawu atatu aafupi. Malo otsala amachuluka, mipata yogawana imachepa. Ndime ya Chingerezi ikhoza kuoneka bwino m'kolamu imene ndime ya Chichewa ikuoneka yong'ambika.

Chitsanzo cha ndondomeko ya maliro

Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 ndi 297. Likapindidwa pakati limapereka masamba a A5, lililonse lotambalala mamilimita 148. Wotayipa akasiya mamilimita 15 m'mphepete kumanzere ndi kumanja, malo olembapo amatsala mamilimita 118. Ambiri amagawa malo amenewa m'makolamu awiri kuti pepala lifanane ndi nyuzipepala. Pakati pa makolamu pakasiyidwa mamilimita 8, kolamu iliyonse imakhala ya mamilimita 55, ndipo mu Times New Roman ya mapoyinti 12 mumakwana zilembo pafupifupi 30 pamzere.

M'kolamu yotere mwalembedwa mawu othokoza a banja: "Tikuthokoza onse amene mwatithandiza potilimbikitsa m'masiku ovutawa." Mawu atatu oyamba, pamodzi ndi mipata yawo iwiri, amatenga mamilimita 42 ndi pang'ono. Patsala pafupifupi mamilimita 13. Liwu lotsatira, mwatithandiza, likufuna mamilimita 25, ndiye silikwana ndipo limatsika. Mamilimita 13 aja amagawidwa pawiri, ndipo mpata umene unayenera kukhala wa milimita imodzi umafika kupitirira mamilimita 7. Ndi mpata wokula kasanu ndi kawiri kuposa wamasiku onse, wokwana kulowamo zilembo zitatu kapena zinayi. Mzere wachiwiri nawo suli bwino: uli ndi mawu awiri okha, mwatithandiza potilimbikitsa, ndipo mpata umodzi wa pakati pawo umafika mamilimita 6 ndi theka.

Chiganizo chomwecho chikalembedwa pa tsamba lonse la mamilimita 118, popanda makolamu, mawu asanu ndi limodzi amakwana pamzere woyamba, mpaka pa m'masiku. Patsala mamilimita 7, koma tsopano pali mipata isanu yogawana, ndipo uliwonse umangofika mamilimita 2 ndi theka. Palibe chilembo chimene chasinthidwa. Kungotalikitsa mzere kwachepetsa mpata kuchoka pa mamilimita 7 kufika pa 2 ndi theka.

Ichi ndiye chinthu choyamba kuchiyang'ana, ndipo nthawi zambiri ndi chimene chimathetsa nkhani. Robert Bringhurst, m'buku lake lokhudza kakonzedwe ka zilembo lotchedwa The Elements of Typographic Style lomwe linatuluka mu 1992, amati mzere wowerengeka bwino uli ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo amachenjeza kuti mzere wa zilembo zosakwana 40 umavuta kuuwongola mbali zonse. Muyeso umenewu anauika poganizira Chingerezi. Kwa Chichewa, chokhala ndi mawu aatali, n'kwanzeru kukhala chakumtunda kwa muyesowo. Kuyesa kwake n'kosavuta: munthu amawerenga zilembo za mizere itatu yodzaza. Zikapezeka kuti sizikufika 45 pamzere, makolamu achotsedwe kudzera pa Layout, Columns, One, kapena malo a m'mphepete achepetsedwe pa Layout, Margins.

Anthu ena amathamangira kuchepetsa zilembo. Zimathandiza pa ndime yonse chifukwa mawu ambiri amakwana pamzere, koma sizikonza mzere uliwonse. M'chitsanzo chija, zilembo zikatsitsidwa kufika pa mapoyinti 11, liwu la mwatithandiza silikwanabe m'kolamu ya mamilimita 55, ndipo popeza mawu atatu aja afupika, malo otsala amakwera kufika pa mamilimita 16, moti mpata umakula m'malo mochepa. Komanso pamaliro pamakhala agogo owerenga pansi pa tenti opanda magalasi, ndipo kuwachepetsera zilembo pofuna kukongoletsa malire si chilungamo. Mtundu wa zilembo nawo uli ndi mbali yake: Verdana ndi Arial n'zotambalala kuposa Times New Roman pa mapoyinti ofanana, ndipo zimachepetsa mawu okwana pamzere.

Zizindikiro zobisika

Pali mtundu wina wa mipata umene sukhudzana ndi kufupika kwa mzere. Umadziwika chonchi: mzere womaliza wa ndime, wokhala ndi mawu awiri kapena atatu, watambasulidwa kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mwachibadwa Word satambasula mzere womaliza wa ndime. Akautambasula ndiye kuti sakuuona ngati womaliza, ndipo chifukwa chake chimaoneka munthu akadina Ctrl+Shift+8, kapena batani la ¶ pa Home, lomwe limaonetsa zizindikiro zimene sizisindikizidwa.

Ndime yeniyeni imathera pa chizindikiro cha ¶, chomwe chimabwera podina Enter. Koma mzere ukhoza kuthera pa kamuvi kokhota, komwe kamabwera podina Shift+Enter. Kamuviko kamauza Word kuti atsike mzere koma ndime ikupitirira, ndiye iye amautambasula mzerewo ngati wina uliwonse wa pakati pa ndime. Timivi timeneti timalowanso tokha pamene mawu akopedwa kuchokera kwina, monga mbiri ya womwalira imene wachibale watumiza pa foni kapena pa imelo. Mankhwala ake ndi kufufuta kamuviko n'kudina Enter. Tikakhala tambiri, Ctrl+H amatsegula bokosi losinthira, ndipo m'mipata yake iwiri mumalembedwa motere:

```
Find what:     ^l
Replace with:  ^p
```

Chilembo cha pamwambacho ndi l wamng'ono, osati nambala 1. Ngati timiviti tili pakati pa ziganizo, pamene ndime siyenera kutha, mu Replace with mumangoikidwa mpata umodzi. N'bwino kudina Replace kamodzikamodzi n'kumaona zimene zikusintha, kusiyana ndi Replace All amene angasokoneze mndandanda wa mayina. Pamene kamuviko kakufunikadi, kudina Tab patsogolo pake kumameza malo otsala ndipo mawu amabwerera pamodzi.

Cholakwika china chofanana nacho ndi kudina Ctrl+Shift+J m'malo mwa Ctrl+J. Zimenezi zimatambasula mizere yonse, womaliza womwe, ndipo zimatalikitsanso zilembo za m'kati mwa liwu. Zilembo zikaoneka zomwazikana m'liwu limodzi, ndimeyo isankhidwe n'kudinanso Ctrl+J.

Zizindikiro zikaonetsedwa, mpata uliwonse umaoneka ngati kadontho. Madontho awiri motsatizana ndi mipata iwiri, ndipo yonse iwiri imatambasulidwa, moti pamalopo pamayasama kawiri kuposa anzake. Imachotsedwa ndi Ctrl+H yemweyo, polemba mipata iwiri pamwamba ndi umodzi pansi. Mpata wooneka ngati kaziro kakang'ono m'mwamba ndi womanga mawu awiri kuti asasiyane mizere. Uli ndi ntchito yake, monga kusunga tsiku pamodzi ndi mwezi wake, koma ukachuluka umasandutsa mawu angapo kukhala liwu limodzi lalitali lotsika lonse pamodzi. Umafufuzidwa polemba ^s mu Find what.

Kudula mawu kumapeto kwa mzere

Mzere ukakhala wautali mokwanira ndipo zobisika zachotsedwa, chida chachikulu chotsala ndi kudula mawu. Nyuzipepala zimakwanitsa kuwongola makolamu opapatiza chifukwa zimadula mawu kawirikawiri. Word amayamba ndi kudula kozimitsidwa, ndiye munthu akadina Ctrl+J osayatsa kudula amakhala wapempha mizere yofanana koma wamana kompyuta njira yoifananitsira.

Kudula kumayatsidwa pa Layout, Hyphenation, pomwe pali None, Automatic ndi Manual. Pa Chingerezi, Automatic amagwira bwino. Pa Chichewa pamafunika kusamala. Word amadula potsata malamulo a chilankhulo chimene chalembedwa m'munsi mwa sikirini, ndipo makompyuta ambiri amaonetsa English ngakhale mawu ali a Chichewa. Chingerezi chimakonda kudula pakati pa malembo awiri opanda liwu, ndiye pamatha kutuluka zinthu ngati mwatithan- ndi diza, kapena potilim- ndi bikitsa. Wowerenga Chichewa amapunthwa pamenepo, chifukwa nd ndi mb zimatchulidwa pamodzi.

Lamulo la Chichewa ndi limene ana amaphunzira ku pulayimale powerenga maphatikizo. Liwu limadulidwa pambuyo pa lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, ndipo malembo opanda liwu otsatira amatsika onse pamodzi: mwa-ti-tha-ndi-za, po-ti-li-mbi-ki-tsa, pa-ng'o-no. Magulu monga ng', mb, nd, nth, mph, ts, dz, ny ndi mw sapatulidwa. Si bwino kusiya chilembo chimodzi chokha pamwamba, monga a- wa anatithandiza kapena m- wa mtengo, ngakhale kuti ndi phatikizo lenileni, ndipo kutsitsa phatikizo limodzi lokha lomaliza sikupindula kanthu. Mayina a anthu, makamaka la womwalira kapena la akwati, sadulidwa.

Njira yodalirika ndi kuika kamzere kodulira kobisika. Munthu amaika kasala pamalo oyenera m'liwu n'kudina Ctrl pamodzi ndi batani la kamzere, la pafupi ndi 0 pamzere wa manambala wa pamwamba. Batani lochotsera la kumbali ya manambala kumanja silo, chifukwa limatulutsa chizindikiro china. Kamzere kobisika kamaoneka ngati ¬ zizindikiro zikayatsidwa, koma kamasindikizidwa pokhapokha liwulo litagwera kumapeto kwa mzere. Ubwino wake ndi umenewu. Munthu amene amatayipa kamzere wamba, ena mpaka kuwonjezera mpata, amakonza mzere wa lero, koma mawa wina akawonjezera dzina la mdzukulu limene linaiwalika, mizere imasuntha ndipo liwu loduka limapezeka pakati pa mzere lili ndi kamzere kake. Mu LibreOffice Writer mabatani ake ndi omwewo, ndipo zizindikiro zobisika zimaonetsedwa ndi Ctrl+F10.

M'chitsanzo chija, kamzere kobisika kakaikidwa pambuyo pa mwa, phatikizolo limakwera mzere woyamba: Tikuthokoza onse amene mwa-. Malo otsala amatsika kuchoka pa mamilimita 13 kufika pa 2, mipata yogawana imakhala itatu, ndipo uliwonse sufika mamilimita 2. Koma kukonza mzere umodzi kumasuntha yotsatira. Mzere wachiwiri tsopano ndi tithandiza potilimbikitsa, wokhala ndi mpata umodzi wa pafupifupi mamilimita 15, woipa kuposa poyamba. Pamafunika kamzere kena pambuyo pa m'ma mu m'masiku kuti nawo ukhale bwino. N'chifukwa chake ntchitoyi imayambira pamzere woyamba wa ndime kutsika nayo, ndipo imachitika pomaliza, mawu onse atavomerezedwa ndi akubanja. Mizere iwiri yotsatizana yothera pa kamzere ndi yololeka. Itatu kapena inayi imaoneka ngati makwerero ndipo ndi umboni wakuti kolamu ndi yopapatiza kwambiri.

Manual, pa mndandanda wa Hyphenation uja, amayenda m'chikalata chonse n'kumafunsa pa liwu lililonse ngati lidulidwe. Munthu amatha kusuntha malo odulira, kuvomera kapena kukana. Pa chikalata cha masamba ambiri zimafulumira kuposa kusaka mizere ndi maso, ngakhale kuti malo amene iye amayamba kuloza amakhala a Chingerezi ndipo amafunika kuwakonza.

Kusintha mawu ndi kupanikiza zilembo

Ngati mawu ndi a banja lomwelo, kuwasintha pang'ono kumatseka mpata popanda kudula. Mawu akuti Tikuthokoza inu nonse amene amadzaza kolamu ya mamilimita 55 n'kungosiya mamilimita 4, ogawidwa patatu, ndipo tanthauzo silinasinthe. Kuwonjezera liwu lalifupi kapena kusinthanitsa malo a mawu awiri ndi zimene akonzi a nyuzipepala amachita tsiku ndi tsiku. Sizichitika pa mawu a m'Baibulo kapena a munthu wina, omwe ayenera kukhala mmene alili.

Kupanikiza zilembo ndi njira yomaliza, ya pamene liwu kapena phatikizo likulephera kukwana ndi pang'ono pokha. Mzerewo umasankhidwa, Ctrl+D amatsegula bokosi la Font, ndipo pa Advanced, Spacing pamasankhidwa Condensed ndi muyeso wa 0.1 pt. Pa mzere wa zilembo 30 zimenezi zimapulumutsa mapoyinti 3, pafupifupi milimita imodzi. M'chitsanzo chija mwati- amapitirira malire ndi kachigawo kosakwana theka la milimita, choncho kupanikiza kotere kungamukwanitse. Kupitirira 0.2 pt zilembo zimayamba kukhudzana ndipo mzerewo umaoneka wakuda kuposa anzake, makamaka pepala likachulukitsidwa pa fotokope.

Mapulogalamu osindikizira mabuku amachita zambiri mwa izi okha. Mu 1981 Donald Knuth ndi Michael Plass anafalitsa njira yoyang'ana ndime yonse nthawi imodzi n'kusankha malo odulira mizere amene sasiya mzere uliwonse woyasama kwambiri, ndipo ndi imene TeX amagwiritsa ntchito. Adobe InDesign naye amatha kuyang'ana ndime yonse, ndipo muyeso wake woyambira umafuna kuti mpata usachepe kuposa 80 peresenti kapena kukula kuposa 133 peresenti ya mpata wamba. Muyeso umenewu ukuonetsa kukula kwa vuto la mpata wokula kasanu ndi kawiri. Word amayenda mzere ndi mzere osayang'ana kutsogolo, ndipo ntchito yoyang'ana kutsogoloyo imatsalira munthu.

Pamene kuwongola mbali zonse sikuyenera

Mbali zambiri za ndondomeko ya mwambo sizifuna Ctrl+J n'komwe. Nyimbo, mndandanda wa zochitika ndi nthawi zake, mayina a olankhula, mitu, ndi mawu a m'tebulo zili ndi mizere yaifupi mwachibadwa, ndipo zimayenera Ctrl+L, kuwongola kumanzere kokha. Chimodzimodzi mawu oyikidwa pambali pa chithunzi, pamene chithunzicho chadya theka la mzere. Mbali imene ingawongoledwe mbali zonse ndi ya ndime zazitali, monga mbiri ya moyo ndi mawu othokoza, ndiponso pokhapokha mzere uli wautali mokwanira. Ngati makolamu awiri akufunikadi ndipo nthawi yoika timizere todulira palibe, monga zimakhalira usiku wa pasiwa, Ctrl+L amachotsa mipata yonse nthawi imodzi. Malire a kumanja osafanana savutitsa wowerenga, pamene mipata yoyasama imamuvutitsa pamzere uliwonse.

Ntchito ikatha, chikalata chisungidwe ngati PDF kudzera pa File, Save As, chisanapite kosindikiza. Kompyuta ya kumalo opulintira ikhoza kukhala yopanda mtundu wa zilembo umene unagwiritsidwa ntchito kunyumba, ndipo ikaika wina m'malo mwake mizere imathera pena, mipata n'kubwerera. PDF imasunga mizere mmene inathera. Tsamba limodzi liyambe lasindikizidwa n'kuonedwa patali pang'ono, pafupifupi kutalika kwa mkono, chifukwa tinjira toyera totsika m'ndime timaoneka msanga papepala kusiyana ndi pa sikirini, ndipo kukonza kumakhala kotchipa makope ambiri asanatuluke.